Akuti ndatchena, munthu sangadziwe kuti ndi za pa Tsoka. Ndiwayankhe bwanji alamu angawa?

NaBanda_Chinsapo
Anzanga, ndithandizeni maganizo, nkhaniyi yandisowetsa tulo. Loweruka lapitali tinali ku chinkhoswe cha mng'ono wa amuna anga ku Area 25. Ndinavala diresi yobiriwira yomwe ndinagula pa msika wa kaunjika wa Tsoka, n'kukaisiya kwa telala kuti aibweze m'chiuno, ndipo kunena zoona inandikhala. Tili kuseri kokonzera mbale, azimayi asanu ndi mmodzi, anatulukira alamu anga, achemwali aakulu a bambo a kunyumba, omwe amakhala ku Area 47. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akumwetulira, n'kunena kuti: "Iii alamu, koma lero ndiye mwatchena! Munthu sangadziwe n'komwe kuti ndi za pa Tsoka."

Azimayi awiri anaseka, wina anayang'ana pansi. Ine ndinangoti "zikomo alamu," nanenso n'kumasekerera ngati chitsiru. Mawuwo anadzandilasa madzulo ndili m'minibasi. Nditawafotokozera bambo a kunyumba, akuti, "Akuyamikiratu amenewo, vuto lili pati?" Tsono ukwati uliko masabata awiri akubwerawa ndipo tikakhalanso limodzi kophikira. Kodi ndine wokhumudwa msanga, kapena anandigemula? Ndipo akadzabwereza ndidzati chiyani?

Kabaza_wa_25
Anakugemulani mayi, osafunsanso. Kkkk.

Mtsikana_wa_Kawale
Akanakhala ine ndikanawauza pomwepo kuti "inunso wigi yanuyo munthu sangadziwe kuti ndi ya chaka chatha." Anthu oterewa amafuna mankhwala awo omwe. Mukangowasekerera kamodzi mwawatsegulira khomo.

Mai_a_Mvano_18
Mwana wanga wa ku Kawale, ukunena zimenezo chifukwa sunakwatiwe m'banjamo. Amenewo ndi achemwali a mwamuna. Ukawayankha choncho pa chinkhoswe, Lolemba nkhani yonse imakhala yoti mkazi wa uje alibe mwambo, anatukwana alamu ake pamaso pa alendo. Zomwe ananena iwowo palibe adzazikumbukire.

Mphunzitsi_Wopuma
A NaBanda, simuli wokhumudwa msanga. Ndaphunzitsa Chichewa zaka zambiri, tiyeni tiwaphwanye mawuwa ngati mtedza tione zam'kati.

Akanati "alamu mwatchena" n'kulekera pomwepo, bwenzi palibe mlandu. Koma anaikamo "lero." Kamawu kameneka kamaoneka kosalakwa, chonsecho kamakoka masiku ena onse n'kuwaimika pambali panu. Lero mwatchena, ndiye kuti dzulo ndi dzana munali bwanji? Munthu sananene, koma aliyense wamva.

Chachikulu chili mu chiganizo chachiwiricho. "Munthu sangadziwe kuti ndi za pa Tsoka." Taganizani: asanalankhule, mwa azimayi asanu ndi mmodzi aja ndi angati ankadziwa komwe munagula diresiyo? Mwina palibe. Atangotseka pakamwa onse anadziwa. Chiganizo chonena kuti munthu sangadziwe ndi chomwecho chinadziwitsa anthu. Ntchito yake inali imeneyo. Kuyamikira kunali thumba chabe, katundu anali "Tsoka."

Ndipo thumbalo silinaikidwe mwangozi. Ndilo pothawira pake. Mukadandaula, iwo adzati "ine ndinangoyamikira, nanga ndanena choipa chanji?" ndipo mawu ake mukawalemba pa pepala palibedi chotukwana. N'chifukwa chake amuna anu sanaonepo vuto. Iwo anamva mawu okha, sanaone maso aja oyenda kuchokera kumutu kufika kumapazi, sanamve kuseka kwa awiri aja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo amene sanaung'ambe mkuyuwo adzakutsutsani mpaka mawa.

Chipisi_Mchesi
Koma pa Tsoka zinthu zakwera masiku ano abale. Diresi yabwino munagula zingati? Mkazi wanga akuti bola kupita m'mawa kwambiri akamatsegula belo, masana zimakhala zotsala zosankhidwa kale.

Kabaza_wa_25
Aise wa chipisi, munthu akulira iwe ukufunsa mitengo?

Chipisi_Mchesi
Ndangofunsa, nanga si nkhani yake ndi ya kaunjika.

Telala_wa_Biwi
Nkhani si ya kaunjika achimwene, komabe poti mwayamba, ndiloleni ndinene. Ine ndimabweza zovala tsiku lililonse. Theka la zomwe zimabwera pa makina anga ndi za kaunjika, ndipo ena obweretsa amatsika m'magalimoto a magalasi akuda. Amaimika galimoto kutali, n'kubwera ndi jumbo yakuda. Ena amatuma wantchito kukawoloka timilatho tathabwa tija ta pakati pa Tsoka ndi Lizulu, iwo ali phee m'galimoto. Ndiye a NaBanda musachite manyazi, mwina alamu anuwo anaizindikira diresiyo chifukwa njira ya ku Tsoka amaidziwa bwino.

Mnyamata_wa_Kanengo
Funso langa ndi lomwelo. Anadziwa bwanji kuti ndi ya pa Tsoka? Zovala sizilembedwa.

NaBanda_Chinsapo
Apa ndiye mwandigwira. Ndinawauza ndekha. Mwezi watha anandiimbira za zopereka za chinkhoswe, ndipo pocheza ndinawauza kuti ndapeza diresi yokongola pa Tsoka motchipa. Ndinkayesa tikucheza ngati pachibale.

Mnyamata_wa_Kanengo
Ndiyetu mwina ankayamikiradi. Mwina amatanthauza kuti muli ndi diso, munasankha bwino. Tisamangoweruza munthu tisanamve mbali yake. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Mphunzitsi_Wopuma
A ku Kanengo, mfundo yanu si yopanda pake, ndipo ndikuvomereza kuti si "lero" aliyense ali ndi mbola. Mnzako wapamtima akhoza kukuuza "lero ndiye waphulatu" ndipo nonse museka. Koma pali njira yosiyanitsira. Munthu woyamikira diso lako amakukokera pambali, kapena amafunsa kuti "munagula kwa ndani, mudzandiperekeze." Amadziika yekha m'gulu la ofuna chinthucho. Wogemula amadziika kunja, ndipo amadikira mboni. Alamuwa anali ndi mwezi wathunthu woti anene zimenezi pa foni. Anasankha pamene panali azimayi asanu ndi mmodzi.

Chinanso, onani amene anaseka ndi amene anayang'ana pansi. Woyang'ana pansi uja anachita manyazi m'malo mwa a NaBanda. Kuyamikira kwenikweni sikuchititsa munthu wachitatu manyazi.

Mnyamata_wa_Kanengo
Za woyang'ana pansiyo ndamva. Komabe ine sindinagonje kwenikweni. Pali anthu ena pakamwa pawo palibe mabuleki, samaganiza n'komwe.

Dada_wa_ku_Rumphi
Ndilowepo ndi yanga. Ndakhala mu Lilongwe muno zaka zoposa makumi awiri, ana anga onse anabadwira konkuno. Koma mpaka lero pamakhala wina wondiuza kuti, "Koma inu Chichewa mumachitha, munthu sangadziwe kuti ndinu a kumpoto." Kapena ina ija yoti "inu ndiye ndinu osiyana ndi anzanu aja." Woyankhulayo amaona ngati wandipatsa mendulo. Koma mendulo yake njoti wandichotsa pakati pa abale anga n'kundiika pambali ngati mbuzi yabwino m'khola loipa. Ndikati zikomo, ndavomereza kuti kwathu kuli vuto. Ndipo kwa ife achikulire zimakhudza pena pake, chifukwa tikudziwa kuti mu 1968 Chichewa chitakhazikitsidwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Chichewa sitinachiphunzire kuti tidzayamikiridwe, panalibe kuchitira mwina.

Ndinapeza yankho langa ndipo sindisinthanso. Ndimati, "Adziwe ndithu, ndine wa ku Rumphi. Inu Chitumbuka mwafika nacho pati?" Ndimanena ndikuseka. Ambiri amaseka nawo, ena amayamba "monire, monire," nkhani yathera pomwepo.

Mphunzitsi_Wopuma
A Dada, mwatipatsa yankho la a NaBanda osadziwa. Taonani, mawu onse awiriwa anamangidwa mofanana: "munthu sangadziwe kuti." Mawu oterewa amaima pa mwendo umodzi, woti chinthucho ndi chobisa, ndipo inu muchita manyazi chikaululika. Mukachinena nokha mokweza, mwendowo wathyoka. A Dada sakana, sakwiya, satukwana. Amangoti "adziwe ndithu."

Ndiye a NaBanda, likanakhala tsiku lija, yankho lake likanakhala ili: "Ndi ya pa Tsoka ndithu alamu, ndinachita kulawirira. Mukafuna tidzapitire limodzi, ndili ndi diso ine." Mukunena mukumwetulira, manja akupitiriza kupukuta mbale. Palibe angakasume kwa apongozi kuti mwachita mwano, chifukwa mwavomereza ndiponso mwawaitana. Koma azimayi aja akanaseka, ndipo ulendo uno sakanaseka inu.

Mtsikana_wa_Kawale
Aphunzitsi, imeneyo ndi yofewa kwambiri. Munthuyo sanamve kuwawa.

Mai_a_Mvano_18
Cholinga ndi choti amve kuwawa, kapena choti asiye?

Mtsikana_wa_Kawale
Zonse ziwiri amayi kkkk.

Sisi_wa_ku_Kapitolo
Ine ndikugwirizana ndi wa ku Kawale pang'ono. Kumwetulira kuli ndi malire. Kuntchito kwathu kuli bambo wina, tili pa mpando wofanana. Tsiku lina pa msonkhano, abwana atayamikira lipoti langa, iye anati, "Zoonadi, lipoti lake ndi lapamwamba, sindimayembekezera. Anakuthandizani ndani?" Anthu khumi ndi awiri ali chete. Pamenepo sungati "zikomo," chifukwa zomwe zabisidwamo si za diresi, ndi zoti ntchito si yako, ndipo mawu amenewo amakafika pa nthawi yokwezana maudindo. Ndinamuyang'ana n'kunena kuti, "Ndalemba ndekha. Ndi tsamba liti lomwe mukufuna ndikufotokozereni?" Anayamba kutsegulatsegula mapepala, zinaoneka kuti sanaliwerenge n'komwe. Sindinamwetulire ngakhale pang'ono, ndipo sindinong'oneza bondo.

Mphunzitsi_Wopuma
Mwachita bwino, ndipo taonani kuti inunso simunabwezere chipongwe. Munayankha zomwe zinabisidwazo, osati thumba lake. Kusiyana kwake ndi kwakuti za diresi zinali zoona, ndiye zimangofunika kuzivomera monyadira. Za lipoti zinali bodza, ndiye zimafunika kuzikonza pomwepo, pamaso pa mboni zomwezo. Ndisanayankhe munthu wotere ndimadzifunsa kaye kuti wandinamizira kapena wangondiulula. Mankhwala ake ndi osiyana.

Vuto la yankho la wigi lija ndi loti limakuchotsera chinthu chimodzi chomwe uli nacho. Pamene wagemulidwa, anthu amene amva amadziwa mumtima kuti wolakwa ndani. Ukabweza ndi chipongwe choonekera, iwe ndiye wayamba ndewu, chifukwa mnzako uja "anangoyamikira."

Mlonda_Usiku
Ine ndimangofunsa kuti "mukutanthauza chiyani?" Basi. Munthu amayamba chibwibwi. Ndayesa kambirimbiri, imagwira.

Mai_a_Mvano_18
Imagwira kwa anzanu a msinkhu umodzi. Tayesani kufunsa apongozi anu kuti "mukutanthauza chiyani" muone ngati simuitanidwira ankhoswe. Kwathu kuno funso limenelo kwa wamkulu ndi mwano kale, ngakhale mulinene mogwada. Ndipo ngakhale kwa mnzako, ukalifunsa nkhope itakwinyika wamupatsa mpata woti anene kuti "iii, mwakwiya? Ine ndimangocheza." Wapambana ndi iyeyo.

Ine apongozi anga, Mulungu awuse mzimu wawo, tsiku lina atadya anati, "Lero nsima yapsa." Ndinali ndi zaka zitatu m'banjamo, ndikuwaphikira nthawi zonse akabwera. Ndinagwada n'kunena kuti, "Zikomo amayi, ndikuphunzira kwa inu." Mumtima ndikuwira. Koma taonani, ngati nsima ya zaka zitatu inali yosapsa, mphunzitsi wake anali ndani? Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka. Kuyambira tsiku limenelo tinayamba kugwirizana.

Kabaza_wa_25
Amayi a Mvano ndinu oopsa. Mpeni wokulunga m'chitenje.

Mai_a_Mvano_18
Ndinalapa mwana wanga.

Chipisi_Mchesi
Nanga "mwanenepa" ndi chipongwe kapena ayi? Ndinamuuza kasitomala wanga wina wa ku ofesi kuti asisi mwanenepa bwino, kuyambira pamenepo sanabwerenso pa chiwaya changa.

Sisi_wa_ku_Kapitolo
Kkkkk mwataya kasitomala chifukwa cha pakamwa. Osamanena za thupi la munthu, abale.

Gogo_wa_Chilinde
Apa pafunika kufatsa, chifukwa ana a masiku ano mwasokoneza zinthu. Ife tikukula, "mwanenepa" kunali kuyamikira kwenikweni. Mkazi akapita kwawo atanenepa, makolo ankati mwamuna akumusunga bwino. Ukabwera kuchokera m'tauni uli wowonda anthu ankada nkhawa. Kenako inabwera nthawi ya matenda ija, m'zaka za m'ma 1990, pamene mawu oti "mwatha thupitu" anali ngati chiweruzo, anthu ankanong'onezana kuseri. Ndiye boma litayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004, anthu omwe anali atatheratu anayamba kubwerera m'thupi, ndipo apo m'pamene ndinamva "mwanenepa" woipa kwa nthawi yoyamba. Munthu ankati "koma ndiye mwanenepatu masiku ano, zikuyenda eti?" akutsinzinira mnzake diso. Mawu omwewo a agogo athu, koma atathiridwa poizoni. Lero kwabweranso ana a ku ofesi omwe akuthamanga m'mawa kuti achepetse thupi, kwa iwo ndi chitonzo china.

Ndiye mawu amodzi ali ndi matanthauzo atatu, kutengera wonena ndi womva. Azakhali a kumudzi akakuuzani kuti mwanenepa, landirani ndi manja awiri, akudalitsani. Musawayankhe mochenjera, mudzawapweteka mtima pachabe.

Mnyamata_wa_Kanengo
Izi ndi zomwe ndimanena ine. Mukazolowera kusaka chipongwe m'mawu aliwonse mudzayamba kulumanso anthu osalakwa.

Mphunzitsi_Wopuma
Pamenepo ndikugwirizana nanu kwathunthu. N'chifukwa chake ndimakonda yankho lovomera lija kuposa lobwezera. Ngati alamu aja analankhula mosaganiza, "tidzapitire limodzi" sawapweteka, mwina apitadi. Ngati analankhula mwadala, amva kuti muvi wawo wagwera m'madzi. Simufunika kudziwa za mumtima mwawo kuti muyankhe bwino. Yankho la wigi limafuna kuti mukhale otsimikiza, ndipo mukalakwitsa mwapha chibale.

Tisaiwalenso kuti kwathu kuno kuli anthu omwe mwambo umawalola kutinyogodola. Msuweni wako akhoza kukuuza kuti "ukaipa dziwa nyimbo, iwe bola umaphika" ndipo iwe umabweza yoposa pamenepo, palibe wokwiya. Agogo ndi adzukulu chimodzimodzi. Chisuweni chimakoma chifukwa onse awiri ali ndi ufulu wobweza. Ndiye mukafuna kudziwa ngati ndi nthabwala, dzifunseni kuti, kodi ine ndingawanene iwowa mawu omwewa, iwo n'kuseka? A NaBanda, mungawauze alamu anu pagulu kuti "munthu sangadziwe kuti galimotoyi ndi ya ngongole"?

NaBanda_Chinsapo
Iii aphunzitsi, ndingasamuke m'banjamo tsiku lomwelo.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndiye si chisuweni chimenecho.

Telala_wa_Biwi
Ine timawu tomwe timandipweteka ndi "ka" ndi "ko." Munthu wabwera kudzaona nyumba yomwe ndamanga ku Area 36 ndi thukuta la makina osokera, akuti "kanyumba kabwino ndithu, mwayesetsako." Kanyumba! Zipinda zitatu! Ndipo "mwayesetsako" ndi mawu omwe timauza mwana wa sitandade 2 akalemba dzina lake mokhota.

Dada_wa_ku_Rumphi
Onjezanipo "kani." "Mumayendetsa galimoto kani?" "Munafika ku koleji kani?" Munthu akukuuza poyera kuti ankakuyesa chitsiru, koma akufuna umuthokoze poti wasintha maganizo.

Kabaza_wa_25
Ife a kabaza ndiye timazimva tsiku lililonse. "Ndiwe waukhondo ngati si wa kabaza." Ndimangoti "zikomo bwana, mukwera?" Ndalama ilibe chipongwe.

Wolapa_wa_49
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete ndipo ndikuchita manyazi. Ine ndine mlamu wotereyu. Si wa a NaBanda ayi, musandigende. Koma mkazi wa mchimwene wanga ndinamuuzapo kuti "mwana wanuyu ndi wokongola, watengera kwathu." Ndinkaona ngati ndi nthabwala. Anangoti "eya" ndipo kwa chaka chathunthu sanabwere kwathu. Nditafunsa mchimwene wanga ndi pamene anandiuza. Kunena chilungamo, pansi pa mtima ndinali ndi kanthu, ndinkaona ngati anatilanda mchimwene wathu yemwe ankatilipirira sukulu. Sindinakonze kuti ndimulase, koma mawuwo sanatuluke mwangozi. Akanandibwezera pagulu bwenzi tili adani mpaka lero. Chomwe chinandisintha ndi choti anadzandiuza tili awiri, akusenda mbatata, osandiyang'ana n'komwe, kuti "alamu, mawu aja anandipweteka." Ndinasowa pothawira, chifukwa panalibe gulu loti ndiliseketse.

Mnyamata_wa_Kanengo
Ndiye mwaona, sanakonze.

Sisi_wa_ku_Kapitolo
Werenganinso bwino. Akuti sanakonze koma sizinali zangozi.

Mai_a_Mvano_18
A NaBanda, mverani a Wolapawa. Yankho lokoma la pagulu limakupulumutsani tsiku limenelo lokha. Ngati alamuwo ndi chizolowezi chawo, kachitatu kake mukawapeze paokha. Ndipo amuna anu asamathawe nkhaniyi, ndi mlongo wawo. Musawafunse kuti "kodi si chipongwe chimenechi," adzakutsutsani. Afunseni kuti, "Mawu amenewa achemwali anu angawanene kwa mkazi wa abwana awo?" Muone ngati sakhala chete.

Mtsikana_wa_Kawale
Ine ndikuti muvale diresi yomweyo ku ukwati. Yomweyo!

NaBanda_Chinsapo
Kkkk ku ukwati tonse a kuchimuna tivala nsalu imodzi, tinagula kale. Koma ndamva zonse. Ndaloweza ya aphunzitsi ija, ndikumayeserera pa galasi. Ndidzakuuzani.

Chipisi_Mchesi
Mtengo wa diresi simunanenebe.

NaBanda_Chinsapo
Ndabwera anzanga, ukwati unatha dzulo. Mundiseka. Masabata awiri ndikuloweza za Tsoka, koma nkhani ya zovala sinatuluke n'komwe, poti tonse tinali mu nsalu yofanana. Anandipezera pena. Ine ndi amene ndinapatsidwa mpunga, miphika itatu ikuluikulu, ndinayamba 4 koloko m'mawa. Nthawi yogawa, alamu analawa, n'kunena mokweza kuti, "Mpungawu mwaphika ndinu alamu? Mumatha kani! Ine ndimayesa taitanitsa ophika."

Mutu unaima kaye. Mawu onse oloweza anathawa. Kenako ndinakumbukira funso la aphunzitsi, loti andinamizira kapena andiulula. Ndinaona kuti chobisidwamo n'choti sankandiyesa kanthu. Ndiye ndinati, "Ndine ndithu alamu, miphika itatu yonseyi. Bweretsani kontena ndikuikireni wina, ana akadye kunyumba." Mawu ananjenjemera pang'ono, sindinama.

Chomwe sindinayembekezere ndi ichi. Mayi uja anayang'ana pansi ku chinkhoswe, ndi azakhali awo a bambo a kunyumba, anayankhira ali ku mphika wa nyama osatembenuka n'komwe: "Wa ku chinkhoswe uja anaphikanso ndi yemweyu, paja unawonjezera kawiri." Kuseka kunali kumeneko. Alamu anasekanso nawo, koma kuseka kwa mano okha, n'kuchoka. Kontena sanabweretse.

Kabaza_wa_25
Azakhali ndi amene agoletsa chigoli. Inu munangopereka mpira.

Mtsikana_wa_Kawale
Mwaona? Pamapeto pake chinawaletsa ndi chipongwe chobweza, chomwe ndinkanena ine. Kungoti chinachokera kwa azakhali.

Mphunzitsi_Wopuma
Chinachokera kwa munthu yemwe ali ndi ufulu wochinena. Azakhali angamuuze mwana wa mchimwene wawo kuti unawonjezera kawiri, mkamwana sangatero. Ndipo ndikukayika ngati azakhaliwo akanalowererapo a NaBanda akanakhala kuti ayamba ndi za wigi. Akanakhala otanganidwa kuzimitsa moto.

Mtsikana_wa_Kawale
Nanga kukanakhala kopanda azakhali? Si aliyense ali ndi azakhali ku mphika wa nyama.

Sisi_wa_ku_Kapitolo
Funso limenelo ndi lenileni. Kuntchito kwathu kunalibe azakhali.

Mai_a_Mvano_18
Ine ya kontena ija yandikhutiritsa payokha. Mwawaika pa mzere wa olandira.

NaBanda_Chinsapo
Sizinathere pompo. M'mawa uno anditumizira uthenga pa foni. Akuti, "Alamu mwadzuka bwanji, tathokoza dzulo munagwira ntchito. Telala wanu uja amene anakubwezerani diresi yobiriwira ali pati? Ndili ndi zovala zingapo." Ndawerenga kasanu. Sindikudziwa ngati ndi mtendere kapena akufuna akaone komwe ndimasokera kuti adzapeze china chonena.

Mnyamata_wa_Kanengo
Ndi mtendere umenewo. Munthu wapepesa m'njira yake, musayembekezere kuti alemba kalata.

Wolapa_wa_49
Akhoza kukhala mtendere. Inenso sindinanenepo "pepani," ndinangoyamba kupempha thandizo pa tinthu ting'onoting'ono. Koma musawauzenso mitengo ya zinthu zanu pa foni.

Mtsikana_wa_Kawale
Msampha. Musayankhe mpaka mawa.

Telala_wa_Biwi
"Zovala zingapo" zofuna kubweza m'chiuno, za munthu wa ku Area 47. Ine sindinena kanthu. Ngati telala wanuyo watanganidwa atumizeni kuno ku Biwi, jumbo yakuda ndimalandira.